Yankho limene sitinatumize

Uthenga unalowa pa foni ya ofesi pa Cisanu masana, 22 Novembala 2024, tikudya cimanga cooca panja pa situdiyo. Unacokera kwa amai ena amene ali ndi sitolo ya mbeu ndi feteleza pafupi ndi maliketi. Masiku awiri m'mbuyomo tinali titawatumizira bilu ya malonda amene tinawaulutsira pa wailesi yathu. Analemba motere:

"Imwe a wailesi, bilu iyi ni ya ciani? Malonda anga ndinawamva katatu cabe. K250 iyo mwaitenga kuti? Ndipo ndinalipira K1,200, osati K1,000. Ngati ni kuba, kambani. Ndidzauza anzanga onse mu maliketi."

Ife ndife anchito ongodzipereka, sitilandira malipiro. Caka cimeneco madzi anacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo ndalama iliyonse yolowa inali kuthera ku mafuta a jenereta. K930 imene bilu inakamba kuti yatsala tinali titaiwerengera kale mafuta a mlungu wotsatira. Tsono munthu akakuchani mbala muli m'mavuto otere, magazi amathamangira kumutu. Sipanathe mphindi zisanu, yankho linali litalembedwa:

"Amai, ife sitine akawalala. Malonda anu anaulutsidwa onse monga tinapangana, ngati simunamve ni vuto lanu. K250 tinakuuzani kale, mwina mwaiwala. K1,200 sitiidziwa. Ife tigwira nchito yaulere kuthandiza anthu ngati inu, koma muyamika ndi matukwano. Mukapanda kulipira pofika Lolemba, osabwerakonso kuno."

Cala cinali pafupi kudina. Amene anatiletsa ndi a manijala athu, amene anawerenga ali ciimire kumbuyo kwathu. Sanatidzudzule. Anangofunsa kuti, "Mau akuti anaulutsidwa onse, mwaona kuti?" Tinayankha kuti ali pa bilu. Iwo anati, "Nanga bilu munailemba poona ciani?" Apo tinakhala cete. Bilu tinailemba poona pepala la pangano, limene limaonetsa zimene zinayenera kucitika. Zimene zinacitikadi panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atazifufuza.

Nkhani yathu yonse yagona pamenepo. Kudekha m'kalata sikucokera ku mau okoma iyai. Munthu amalemba mwaukali pamene alibe cogwira m'manja, ndiye amakweza mau kuti abise kupanda umboni. Ukakhala ndi masiku, maola ndi manambala, sufunikanso kukuwa, cifukwa mapepala ndi amene amakukambira. Conco kukonza yankho lija sikunayambe ndi kusintha ziganizo. Kunayamba ndi kutsegula mabuku.

Koma tisanatsegule buku lililonse, tinatumiza kauthenga kafupi, cifukwa munthu wokwiya ukamusiya osamuyankha amaganiza kuti wamunyoza. Tinalemba kuti: "Amai, uthenga wanu taulandira. Tifufuza m'mabuku athu zonse zitatu zimene mwakamba, ndipo tidzakuyankhani pa Lolemba, 25 Novembala, isanakwane 12 koloko." Simunali kuvomera mlandu m'menemo, simunalinso kukana. Munali cabe lonjezo la tsiku ndi ola, limene tinadziwa kuti tingakwanitse. Ndipo mau akuti "zonse zitatu" anawaonetsa kuti tawerenga uthenga wao mpaka kumapeto.

Zitatuzo tinazipeza mwa kutenga pepala ndi kugawa uthenga wao pawiri. Mbali imodzi tinalemba zimene zingafufuzidwe: malonda anamveka kangati, K250 ni ya ciani, ndipo analipira zingati. Mbali ina tinalemba zimene ni mkwiyo cabe: mau a kuba, ndi kuopseza kuti adzauza anzao. Titayang'ananso yankho lathu loyamba, tinaona kuti mphamvu zathu zonse zinapita ku mbali yaciwiriyi. Tinayamba ndi kukana umbala, tinatsiriza ndi kubwezera ciopsezo, ndipo mafunso atatu enieni aja tinangowakankha ndi mau awiri atatu. Tinagwirizana kuti mbali yaciwiri sitiiyankha m'pang'ono pomwe. Palibe ciganizo cimene cingakhutiritse munthu kuti sindiwe mbala. Masamu oonekera bwino ndi amene angatero.

Pangano linali lotere. Malonda a masekondi 30 anayenera kumveka katatu pa tsiku, pa 06:45, pa 12:50 ndi pa 18:40, kwa masiku 14, kuyambira pa 4 mpaka pa 17 Novembala. Ndiko kuti maulendo 42. Ulendo umodzi unali K40, pamodzi K1,680. Kujambula malondawo kunali K250, ndipo zonse zinakwana K1,930. Amai aja anatumiza K1,000 pa foni, conco bilu inati kwatsala K930.

Tinayamba ndi funso lalikulu, la maulendo. Kompyuta ya mu situdiyo imene imaliza nyimbo ndi malonda imasunga mndandanda wa ciliconse cimene yaliza, ndi tsiku ndi ola lake. Tinafufuza dzina la malonda a amai aja m'mndandandamo, tinawerenga mzere ndi mzere, ndipo tinapeza 41. Wosowa unali wa pa Ciwiri, 12 Novembala, pa 18:40. Amene anali pa maikolofoni madzulo amenewo anakumbuka bwino: zilengezo za maliro zinaculuka, nthawi inatha, ndipo analumpha malonda kuti nkhani za madzulo ziyambe pa nthawi yake. Anati adzabwezera mawa lake, koma anaiwala. Kale apa mau athu akuti "anaulutsidwa onse" anali atasanduka bodza.

Tikanaimira pomwepo tikanalakwanso. Mnzathu woona za makina anatikumbutsa cinthu cimene ambiri a ife sitinaciganizirepo: kompyuta imalemba kuti yaliza, koma sidziwa ngati mauwo anatuluka kupita m'mawailesi a anthu. Situdiyo yathu ili ndi mabatire amene amasunga kompyuta magetsi akazima. Koma makina oponya mau kutali, aja timati tiransimita, amadya magetsi ambiri, ndipo popanda jenereta sayaka. Iye ali ndi kabuku kake kamene amalembamo nthawi imene tiransimita yazima ndi imene yayaka. M'kabukumo munali kuti pa Ciweru, 9 Novembala, jenereta inakana kulira, ndipo tinali osamveka kuyambira 05:30 mpaka 19:15. Maulendo onse atatu a tsiku limenelo ali pakati pa maola amenewo. Kompyuta, imene inasiyidwa ikudziyendetsa yokha, inawaliza ndithu, koma inalizira zipupa za situdiyo.

Conco pa 42 panacoka anai, kutsala 38. Anai kuculukitsa ndi K40 ni K160 imene tinalipiritsa popanda kugwira nchito yake. Bilu yoona inali K1,770, ndipo yotsala K770. Onani kuti umboni uli ndi malire ake. Pepala la pangano limakamba zimene tinafuna kucita. Mndandanda wa kompyuta umakamba zimene situdiyo inaliza. Kabuku ka tiransimita kamakamba ngati tinali kumveka. Ciliconse mwa zitatuzi cimayankha funso lake lokha, ndipo amene ali ndi kabizinesi kalikonse angadzifunse cimodzimodzi: pepala limene ndagwirali likutsimikiza kuti nchito inapanganidwa, kapena kuti inacitika?

Nanga n'cifukwa ciani amai aja anamva katatu cabe pamene malonda anamveka maulendo 38? Tinaganizira, ndipo yankho silinali lovuta. Wailesi yao ili m'sitolo, ndipo sitolo amatsegula ca m'ma 8 koloko ndi kutseka ca m'ma 17. Pa nthawi zitatu zija, imene akanamva ali pa nchito ni ya 12:50 yokha, nthawi imene makasitomala amakhala atadzaza, ndipo masiku ambiri magetsi a ku maliketi anali ozima. Munthu angathe kukamba zoona kuti anamva katatu, ifenso n'kukamba zoona kuti tinaulutsa maulendo 38. Kuzindikira izi kunacotsa ukali wambiri m'mitima yathu, cifukwa tinasiya kuwaona ngati wabodza. Koma sitinazilembe m'yankho. Zinali zongoganizira zathu, tinalibe umboni wa kumene iwo anali pa ola lililonse, ndipo kuuza kasitomala kuti sanali kumvetsera ndi kumuimba mlandu wina watsopano.

Funso laciwiri linali losavuta. Pa 30 Okutobala tinawatumizira mitengo pa WhatsApp, mizere iwiri: kuulutsa K1,680, kujambula K250. Tsiku lomwelo anayankha kuti, "Cabwino, yambani." Apa ndife tinali okhoza, ndipo m'pamene panali ciyeso cacikulu, cifukwa munthu akagwira mnzake pa colakwa amafuna kumupaka naco kumaso. Tinayamba kulemba kuti "monga tinakuuzani kale", kenako tinafafaniza. Mau amenewo saonjezera umboni uliwonse, nchito yake ni kungouza munthu kuti ni woiwalaiwala. Tsiku la uthenga ndi cithunzi cake zinali zokwanira. Tinaonanso kuti pa mitengo ija tinangolemba "kujambula" osafotokoza kuti ni ciani. Kwa ife ni zodziwikiratu, koma wogulitsa mbeu sangadziwe kuti muli kulemba mau, kupita ku sitolo kukatenga liu lao, ndi kusakaniza ndi nyimbo pa kompyuta. Conco m'yankho tinafotokoza nchitoyo m'ciganizo cimodzi.

Funso lacitatu ndi limene linatisowetsa tulo. Uthenga wa ndalama za pa foni unaonetsa K1,000 pa 1 Novembala, ndipo m'buku la malisiti a malonda munalibe K200 iliyonse. Amene anapita ku sitolo kukajambula liu lao pa 2 Novembala ndi mnzathu wina wacinyamata, ndipo mlungu umenewo anali kumudzi ku maliro, kumene foni sigwira. Panali njira ziwiri zoipa. Yoyamba inali kulemba kuti "simunalipire", kumene kukanakhala kuwacha abodza tisanadziwe. Yaciwiri inali kuvomera cabe kuti nkhani ithe, kumene kukanakhala kukamba mwakacetecete kuti mnzathu anadya ndalama, iye kulibe kuti adziyankhire. Dzina la mnyamata wa zaka makumi awiri likaipa m'tauni yaing'ono ngati yathu, silicapika msanga. Tinasankha kulemba zokhazo zimene tinali kudziwa: m'mabuku tapeza K1,000, K200 sitinaipeze, ndipo tikupempha atiuze tsiku ndi amene anamupatsa. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa "simunalipire" ndi "sitinaipeze". Mau oyamba akuweruza munthu, aciwiri akukamba za mabuku athu, ndipo akhalabe oona ngakhale ndalamayo itapezeka mawa.

Titasonkhanitsa zonsezi tinabwerera ku yankho loyamba lija ndi colembera cofiira. Ciganizo ciliconse tinacifunsa funso limodzi: kodi pali pepala limene tingaike pambali pake? "Sitine akawalala" cinalibe pepala, cinacoka. "Anaulutsidwa onse" cinali cabodza. "Ni vuto lanu" ndi "mwina mwaiwala" zinali zolasa cabe. Ciganizo ca nchito yaulere cinatiwawa kucicotsa, cifukwa ni coona ndipo cimatikhudza mtima, koma amai aja sanagule cifundo, anagula maulendo 42, ndipo umphawi wathu suwonjezera ngakhale ulendo umodzi. Ciopsezo ca pa Lolemba naco cinacoka. Pangano lathu linalibe tsiku lotsiriza kulipira, conco kuliika tsopano mwaukali kukanakhala kupanga lamulo pakati pa masewera. Pomaliza, pa ziganizo zonse za yankho loyamba panatsala liu limodzi lokha, lakuti "Amai".

A manijala anatipatsanso muyeso wina. Anati tilembe ngati kuti uthengawo udzawerengedwa ndi munthu wacitatu amene sadziwa nkhaniyo. Ndipo ni zoona, cifukwa masiku ano uthenga umajambulidwa ndi kutumizidwa m'magulu a pa foni m'kamphindi. Kasitomala alinso ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la boma loona za ogula, la CCPC, ndipo kumeneko cimene mudalemba ndico cimakuimirani kapena kukugwetsani. Tikanatumiza yankho loyamba, amai aja akanakhala ndi cithunzi ca wailesi ikukamba bodza ndi kuopseza kasitomala, cotumizidwa ndi ife eni ake.

Yankho limene tinatumiza pa Lolemba, 11 koloko itangopitirira, ndi ili:

"Amai, mwauka bwanji? Tafufuza zitatu zimene munakamba pa Cisanu. Pa bilu yathu panali colakwa, ndipo taikonza: yotsala ni K770, osati K930. Tifotokoze cimodzi ndi cimodzi.

Coyamba, maulendo a malonda. Tinapangana maulendo 42, kuyambira pa 4 mpaka pa 17 Novembala. Amene anamveka ni 38. Atatu a pa 9 Novembala sanamveke cifukwa wailesi inali yozima kuyambira 05:30 mpaka 19:15. Umodzi wa pa 12 Novembala, wa 18:40, tinaulumpha. Tinalakwa kukulipiritsani anaiwa ndiponso kusakuuzani nthawi yomweyo, pepani. Tacotsa K160. Ngati mungakonde kuti m'malo mocotsa ndalama tiulutse anaiwo mlungu uno, tiuzeni. Tatumiza mndandanda wa masiku ndi maola a maulendo 38 aja.

Caciwiri, K250. Iyi ni ya kupanga malondawo: kulemba mau, kubwera ku sitolo kudzajambula liu lanu pa 2 Novembala, ndi kusakaniza ndi nyimbo. Inali pa mitengo imene tinatumiza pa 30 Okutobala, imene munavomera tsiku lomwelo. Cithunzi ca uthengawo tatumiza. Ndalama iyi ikhalabe pa bilu.

Cacitatu, zimene munalipira. M'mabuku athu tapeza K1,000 ya pa foni, ya pa 1 Novembala. K200 sitinaipeze. Conde tiuzeni tsiku limene munapereka ndi amene analandira, kapena lisiti ngati munapatsidwa. Ifenso tikufufuza, ndipo tidzakuuzani pa Cinai zimene tapeza. Ikapezeka, yotsala idzakhala K570.

Masamu ake ni awa: K1,680 kucotsa K160 ni K1,520. Kuikapo K250 ni K1,770. Kucotsa K1,000 ni K770. Pakali pano mungalipire K570 imene siikhudzana ndi funso la K200, ndipo inayo idikire mpaka tipeze yankho. Ngati mufuna kudzaona mabukuwo ndi maso anu, bwerani ku situdiyo tsiku lililonse pakati pa 9 ndi 16 koloko. Zikomo, amai."

Pali zinthu zingapo m'yankholi zimene tinakangana tisanagwirizane. Coyamba ni kumene tinaika colakwa cathu. Ena anafuna kuti tiyambe ndi K250, pamene tinali okhoza, ndipo K160 ibwere kumapeto mwakacetecete. Koma munthu wokwiya amawerenga mizere iwiri yoyamba kuti aone ngati wamvedwa kapena akumenyedwa, ndipo akaona nkhondo, zotsalazo amaziwerenga ndi maso a nkhondo. Kuyamba ndi nambala yatsopano kunawauza nthawi yomweyo kuti dandaulo lao lasintha cinthu. Ndipo amene wavomera yekha colakwa ca K160 amakhulupirika akamati K250 ikhalabe.

Cina ni kukula kwa kupepesa. Liu lakuti pepani lili m'yankhomo kamodzi cabe, ndipo lamangiriridwa ku zinthu ziwiri zochulidwa: kulipiritsa maulendo anai, ndi kusawauza msanga. Tikanalemba kuti "pepani pa zonse", kukanaoneka ngati tavomera kuti K250 ni yakuba ndiponso kuti K200 tinadya. Kudekha si kugonja. Ciganizo cakuti "ndalama iyi ikhalabe pa bilu" ni colimba ngati mwala, koma mulibe mwano, ndipo sitinacizungulize ndi mau ambiri opempha cifundo.

Tinasamalanso ndi zimene tinatumiza ngati umboni. Mndandanda wa kompyuta uli ndi malonda a anthu onse, ndipo buku la malisiti lili ndi maina ndi ndalama za makasitomala ena, kuphatikizapo sitolo ina ya mbeu imene imapikisana ndi amai aja. Tinakopera mizere yao yokha pa pepala limodzi, tsiku ndi ola, ndipo masiku awiri osowa aja tinawalemba poyera. Zithunzi zinali zitatu cabe: mndandandawo, uthenga wa mitengo, ndi uthenga wa K1,000. Kuunjikira munthu zithunzi makumi awiri pa foni si kumupatsa umboni, ni kumutopetsa kuti asiye kufunsa.

Tisanatumize, tinapatsa mnzathu amene amaulutsa pulogalamu ya ana, amene sanali kudziwa nkhaniyi, kuti awerenge mokweza. Ife a wailesi timadziwa kuti khutu limagwira zimene diso limalumpha. Iye ndiye anaima pa ciganizo cimene cinati "ngati munaperekadi K200", n'kufunsa kuti, "Ka 'di' aka kakucita ciani apa?" Zilembo ziwiri zokha, koma zinali kunena kuti sitikuwakhulupirira. Tinazicotsa pamodzi ndi "ngati" wake. Anatifunsanso kuti kasitomala akamaliza kuwerenga ayenera kucita ciani, ndipo m'pamene tinaonjezera za K570 yolipira tsopano. Popanda zimenezo bilu yonse ikanaima cifukwa ca K200 yokha.

Amai aja sanayankhe tsiku limenelo. Pa Ciwiri madzulo analemba mzere umodzi: "K200 ndinapatsa mnyamata uja anabwera kudzajambula." Pa Citatu mnzathu anabwerako kumudzi, ndipo titamufunsa sanazengereze. Anati analandiradi, ndipo anakapereka kwa amene anali pa ofesi pa Ciweru paja. Tinatsegula buku lina, la malisiti a zilengezo za maliro ndi zotayika, ndipo pa 2 Novembala panali mzere wolembedwa mothamanga: "sitolo, 200". Panalibe dzina, ndipo lisiti yake inali ikali m'bukumo, yosang'ambidwa. Ndalamayo inalowa m'bokosi la wailesi ndipo inagula mafuta kalekale. Amai aja anali okhoza, mnzathu anali wosalakwa, ndipo colakwa cinali ca mabuku athu awiri osakambirana.

Tinawalembera pa Cinai monga tinalonjeza, ziganizo zitatu: K200 yapezeka, inalembedwa m'buku lina, yotsala ni K570. Analipira kawiri, K300 mlungu umenewo ndi K270 kuciyambi kwa Disembala. Mau a kuba aja sanawabweze, ndipo ife sitinawapemphe kutero. Mafuta a mlungu umenewo anacepa, ndipo masiku awiri tinatseka wailesi msanga usiku. Pa K930 imene tinali kuyembekezera, K360 sinali yathu kuyambira paciyambi: K160 sitinaigwirire nchito, K200 tinali titalandira kale. Yankho loyamba lija likanapita, tikanakhala tikukalipira mai wacikulire kuti atipatse ndalama zimene tinalibe nazo mangawa.

Kucokera nthawi imeneyo bilu ya malonda sitilemba poona pepala la pangano. Timayamba tawerenga mndandanda wa kompyuta ndi kuuyerekeza ndi kabuku ka tiransimita, ndipo ulendo ukalumphidwa kasitomala amauzidwa tsiku lomwelo. Buku la malisiti latsala limodzi, ndipo wolandira ndalama kunja kwa ofesi amanyamula lisiti m'thumba. Pa mitengo, pansi pa liu lakuti "kujambula", pali tsopano mzere wofotokoza nchito yake.

Mu Januwale amai aja anabwera okha ku situdiyo, atanyamula kapepala ka malonda a mankhwala ophera mbozi za m'cimanga. Sanakambe za Novembala. Anakhala pa benci, anafunsa mtengo, kenako anati, "Manje awa muziika pa 10 koloko ndi pa 15, nthawi imene ndili m'sitolo. Ndipo mndandanda uja muzinditumizira mlungu uliwonse." Tinalemba zonse ziwiri pa pepala la pangano, iwo anasaina, ndipo lisiti tinawapatsa asananyamuke.